Masikisi awiri m'pangano limodzi

Ine ndinali mlembi wa kopaletivi yathu ya alimi a nandolo ku Nkhulambe, ndipo wapampando anali amalume anga, mlongo wawo wa mayi anga. Malamulo athu amati pangano lililonse la kopaletivi lisainidwe ndi anthu awiri, wapampando ndi mlembi. Lamulo limeneli sindinkaliwerengera kwenikweni mpaka Lachitatu lina m'nyengo yokolola nandolo, pamene anthu odzaza bwalo anadikira dzanja langa, ine n'kukana nalo.

Nkhani inali ya malo. Kampani ina yogula mbewu ya ku Blantyre inkafuna kumanga shedi pa malo a kopaletivi, kuti izisungiramo nandolo kwa zaka khumi, ifenso tizisungamo wathu mbali ina. Malowo tinapatsidwa ndi mayi wina wamasiye, membala mnzathu, amene makolo ake anachokera ku Mozambiki kalekale n'kudzalima pamenepo. Pakona ya malowo pali mjigo. Chaka cha madzi osefukira zitsime zambiri zinakwiririka ndi mchenga ndi miyala yochokera kuphiri, koma mjigo umenewo unatsala, ndipo midzi itatu imamwa pamenepo. Mayiyo popereka malo ananena chinthu chimodzi chokha: mangani chimene mukufuna, koma mjigo usalowe mumpanda.

Tinakambirana ndi kampaniyo miyezi inayi. Panganolo linali m'Chingerezi, ndiye pamsonkhano uliwonse ine ndinkaimirira n'kumawerenga ndime ndi ndime, kumasulira m'Chichewa, ndipo pena m'Chilomwe pamene agogo akumbuyo akwinya nkhope. Linali ndi mitu isanu ndi inayi, mutu uliwonse ndi nambala yake, ndipo pansi pa mutu uliwonse ndime zake: 1.1, 1.2, kenako 2.1, 2.2, motero. Mutu wa nambala 6 unali wa madzi ndi njira. Ndime 6.2 ndiyo inkati kampani sidzatchinga mjigo ndi mpanda, sidzaikapo loko, ndiponso sidzaletsa munthu kutunga. Tinaimenyera nkhondo ndime imeneyo mpaka amayi anailoweza. Pamjigo ankachita kuseka nayo: “Fulumirani anzathu, sikisi-thu sinasainidwe.” Ndipo chakumapeto, pa mutu wothetsa pangano, tinalembetsa kuti kampani ikaphwanya ndime 6.2, kopaletivi ili ndi mphamvu yothetsa pangano lonse. Mano a panganolo anali amenewo.

Mapepala omaliza anabwera ndi bwana wa kampani m'mawa wa tsiku losaina lomwelo, m'envulopu yakhaki. Anali bambo wamtali, waulemu, wa nsapato zosazolowera fumbi lathu. Tinali titagwira naye ntchito bwino miyezi yonseyo, ndipo sindinkadana naye. Anandipatsa makope atatu cha m'ma eyiti koloko, kusaina kuli teni.

“Palibe chasintha, mayi,” anatero. “Ndangokonza mutu umodzi kuti umveke bwino, ndipo loya wathu anati mutu wa mikangano ndiikepo wa m'mapangano athu ena. Mawu ake ndi omwe tinagwirizana aja.”

Pabwalo panali patamangidwa kale chisakasa. Mipando tinabwereka kutchalitchi, amayi anali atatereka mpunga, mbuzi itasendedwa. Alangizi a zaulimi anali m'njira, ndi akuluakulu awiri ochokera kuboma odzachitira umboni. Ine ndinalowa m'kaofesi kathu, ndinakhala pa thumba la nandolo chifukwa mpando unali utapita kubwalo, n'kuyamba kuwerenga.

Ndisanabwerere kumudzi kudzasamala mayi anga, ndinagwira ntchito yotaipa zaka zisanu ndi ziwiri pa ofesi ya loya wina ku Limbe. Bambo ameneyo sankawerenga mawu poyamba. Ankaika chala kumanzere kwa pepala n'kutsetsereka nacho pa manambala okha, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndipo chala chikaima ndinkadziwa kuti nkhomaliro yandipita. Chizolowezi chimenecho chinandilowa. Ndinaika chala pa 1 n'kuyamba kutsika.

Mpaka pa 5.3 zonse zinali bwino. Kenako panabwera mutu wa madzi, nambala yake 6 monga mwa kale. Koma ndime za pansi pake sizinali 6.1, 6.2, 6.3. Zinali 5.4, 5.5, 5.6, ngati kuti zikupitiriza nkhani ya alonda ya mutu wa pamwamba. Ndime ya mjigo inali itasanduka 5.5.

Ndinatembenuza tsamba. Mutu wotsatira, wa ukhondo ndi chikwangwani, umene unali 7, nawonso unali 6. Masikisi awiri. Ndipo pansi pa sikisi wachiwiriyu panali 6.1 ndi 6.2 zooneka bwinobwino. Ndinawerenga 6.2 yatsopanoyo: kampani idzaika chikwangwani cha dzina lake ndi la kopaletivi pamsewu. Ndinathamangira ku mutu wothetsa pangano. Mawu anali omwe aja, osasintha ngakhale chilembo: kampani ikaphwanya ndime 6.2, kopaletivi ili ndi mphamvu yothetsa pangano. Ndiye kuti malinga ndi pepala limene linali m'manja mwanga, kampani ikanatha kumanga mpanda kuzungulira mjigo ife n'kusowa pogwira, koma ikanaiwala chikwangwani, tikanaithamangitsa.

Pa tsamba lomaliza panali chinanso. Mutu wa mikangano, umene bwana uja anautenga kwina, unayambiranso pa 1, ndi ndime zake 1.1, 1.2.

Ndinatuluka n'kuwapeza amalume akuuza anyamata pomangirira nsalu ya pathebulo. Anali atavala jekete lawo la pa maukwati.

“Amalume, tapatukani pang'ono.”

“Nena pompano, nthawi yatha.”

“Mapepalawa sasainika. Manambala asokonekera.”

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti mbuzi yadzuka mumphika. “Manambala a chiyani? A nandolo?”

Ndinawaonetsa masikisi awiri aja. Amalume amawerenga, koma Chingerezi cha mapangano chimawatopetsa, ndipo tsiku limenelo mtima wawo unali pa alendo. Anafunsa funso limodzi: “Mawu a mjigo alimo kapena mulibe?”

“Alimo.”

“Ndiye vuto n'chiyani? Madzi amatungidwa ndi nambala?”

“Alimo, koma chowateteza chikuloza kwina. Chikuloza chikwangwani.”

“Iwe,” anatsitsa mawu, “anthu achoka kuboma ndi mafuta awo. Usandivule pagulu. Tisaina, zako za ku Limbezo mukonza mawa ndi bwanayo.”

“Chosainidwa ndi chosainidwa, amalume. Mawa kudzakhala kupempha.”

Anachoka. Patapita mphindi zochepa anabwerera ndi bwana wa kampani, amene anamvetsera mwaulemu, n'kuyang'ana mapepala, n'kuseka pang'ono.

“Aa, ndi kompyuta imeneyi, mayi. Imachita zimenezi. Aliyense akudziwa chimene tinagwirizana. Ngakhale kukhoti angaone kuti n'kulakwitsa kotaipa chabe.”

“Mwina angaone,” ndinatero. “Koma kuti akaone, ndiye kuti tafika kukhoti. Inu muli ndi loya. Ife tili ndi njinga.”

“Tingokonza ndi cholembera.”

“Kuyambira pa 5.4 mpaka kumapeto nambala iliyonse ndi yolakwika, pa makope atatu, ndipo paliponse pokhwatcha tisainepo tonse. Lidzakhala pangano kapena kope la mwana wa sitandade thu? Ndiponso inu simudzakhala pa kampaniyi zaka khumi zonse. Wobwera pambuyo panu adzawerenga pepala, sadzawerenga mtima wanu.”

Ndinamuonetsanso tsamba lomaliza. Ndime 2.2 inkati zaka khumi zikatha, malo otchulidwa mu ndime 1.1 adzabwerera ku kopaletivi. Tsopano ma 1.1 analipo awiri. Woyamba ankafotokoza malo athu, malire ake ndi mitengo ya mango. Wachiwiri, wa mutu womatidwa uja, ankati malo okambirana mikangano ndi ofesi ya kampani ku Blantyre.

“Apa pokha ndikhoza kusaina,” ndinatero. “Zaka khumi zikatha tidzabwera ndi makasu kudzalandira ofesi yanu.”

Bwanayo anaseka, koma kuseka kwake kunafupika. Amalume sanaseke.

Alendo anafika. Anakhala pansi, pemphero linachitika, kwaya ya amayi inaimba nyimbo ziwiri. Ine ndinakhala pampando wanga pathebulo lakutsogolo, mapepala ali pamwendo. Ndinkaganiza kuti amalume alengeza kuti pali chokonza. M'malo mwake analankhula za chitukuko, anathokoza kampani, anatulutsa cholembera m'thumba la jekete, nasaina makope onse atatu anthu akuwomba m'manja. Kenako anakankhira mapepala kwa ine n'kuika cholembera pamwamba. Ankadziwa chimene ankachita. Ankadziwa kuti mwana wa mlongo wawo, amene anamulipirira sukulu bambo ake atamwalira, sangawakanire pamaso pa alendo.

Ndinaika manja pansi pa thebulo. Nthungululu zinayamba, kenako zinazirala chifukwa cholembera chinali chikadali pomwe anachisiya.

“Alembi,” anatero amalume mokweza, akumwetulira alendo, “anthu akudikira.”

Ndinaimirira. “Pepani a wapampando, pepani alendo athu. Ine sindisaina pepala ili.”

Mmodzi wa akuluakulu a kuboma anayang'ana wotchi yake.

Sindinalankhule ndi a pathebulo. Ndinatembenukira kwa mamembala amene anakhala pa mikeka, n'kufunsa: “Sikisi-thu imati chiyani?”

“Mjigo!” anayankha amayi angapo pamodzi.

“Tamverani sikisi-thu ya m'pepala ili.” Ndinawerenga m'Chingerezi, n'kumasulira m'Chichewa, kenako m'Chilomwe, pang'onopang'ono: kampani idzaika chikwangwani pamsewu.

Phokoso linabuka. Abambo ena kumbuyo anayamba kukuwa kuti kampani yatibera, ndipo wina anali atanyamula kale njinga yake. Izi sindinazifune. Ndinakweza dzanja n'kunena kuti mawu a mjigo alimo, palibe wawachotsa, koma nambala yawo yasochera, ndipo ndime yotipatsa mphamvu ikuloza pa nambala, osati pa mawu. Ndinati zikhoza kukonzeka lero lomwe.

Amalume anaimirira, nkhope itachita mdima. “Mwana uyu ndinamulera ndine. Lero akufuna kutiphunzitsa kuwerenga wani, thu, fili. Mawu a akulu amakoma akagonera. Saina, iwe.”

“Munandilera, amalume, ndipo sukulu imene munandilipirira ndi imene ikuwerenga pepalali. Sindisaina.”

Apo mayi wamasiye uja, mwini malo, anadzuka pa mkeka. Si munthu wolankhula pamisonkhano. Anabwera mpaka pathebulo, anaika dzanja pa mapepala, n'kundifunsa m'Chilomwe ngati mjigo uli mkati mwa mpanda kapena kunja. Ndinamuyankha kuti pepalali likunena kuti ukhale kunja, koma silikunena chimene tingachite akaulowetsa mkati. Anagwedeza mutu, anatembenukira kwa amalume, n'kunena m'Chichewa kuti onse amve: “Achimwene, mpunga ukazizira timadya. Dikirani.” Anabwerera pa mkeka wake.

Bwana wa kampani, thukuta lili pamphumi, anapita kugalimoto n'kubwera ndi laputopu. Anati akonza pomwepo, mphindi zisanu. Tinalowa m'kaofesi, iye, ine, amalume ndi alangizi, anthu ena atadzaza pazenera.

Anayamba ndi tsamba lomaliza. Anadina batani lakumanja la mausi pa 1 wosochera uja n'kusankha kuti manambala apitirize kuchokera pamwamba. Mutuwo unasanduka 8, ndime zake 8.1, 8.2. Pamenepo anachita bwino, ndipo ndinamuuza. Chidutswa chokopera m'pangano lina chimabwera ndi mndandanda wakewake, n'chifukwa chake chimayamba kuwerenga pa 1 mpaka utachilumikiza ndi unzake.

“Mwaona? Zatha,” anatero.

“Mitu ilipo isanu ndi inayi, bwana. Womaliza akhala bwanji 8? Masikisi akadali awiri.”

Anakwera pa sikisi wachiwiri, wa chikwangwani, kuti amusinthe akhale 7. Kamzere kophethira kaja kanakana kulowa pa nambalayo, chifukwa nambala yoika kompyuta siilembeka ngati chilembo wamba. Anataya mtima, anaifufuta yonse, n'kutaipa 7 ndi dzanja. Pomwepo ndime za pansi pake zinasanduka 5.7 ndi 5.8, mutu wothetsa pangano unasanduka 6, wa mikangano unabwerera pa 7. Alangizi anaphulika kuseka n'kudzigwira pakamwa.

“Chikuchitika n'chiyani?” anafunsa amalume. “Akukonza kapena akuwononga?”

Bwanayo anachotsa manja pa laputopu. Kenako anaikankhira kwa ine. Ndimamulemekezabe chifukwa cha chimenecho, pakuti amuna ambiri a udindo wake akanalimbikira mpaka madzulo.

Ndinadina pa nambala ya mutu 5. Manambala onse a mitu anadetsedwa pamodzi, kusonyeza kuti ndi a banja limodzi, kupatula awiri: sikisi wa madzi ndi seveni amene anali atangotaipa kumene. Ndinamuonetsa.

“Mutu wa madziwu ndi umene munakonza kuofesi?”

“Eya. Ndinafufuta mzere wonse n'kulembanso.”

“Ndi nambala yomwe?”

“Ndi nambala yomwe. Inkaoneka chimodzimodzi.”

Vuto lonse linagona pamenepo. Kompyuta imawerenga mitu yokhayo imene ili mumndandanda wake. Ikaona mutu watsopano, imakweza nambala ya mutu n'kuyambitsanso ndime za pansi pa 1. Sikisi wotaipa ndi dzanja, kwa iyo, ndi chilembo chabe ngati chilembo china chilichonse. Ndiye inkaona ngati tikadali mu mutu 5, n'kumapitiriza 5.4, 5.5, ndipo itafika pa mutu weniweni wotsatira inaupatsa 6, poti m'kuwerenga kwake sikisi anali asanatuluke.

Ndinafufuta sikisi wotaipa uja ndi seveni yemwe. Ndinasankha mzere wonse wa mutu 5, n'kutenga kaburashi kokopera maonekedwe a mzere, n'kupaka pa mutu wa madzi. Unalandira 6 wake weniweni, ndipo pansi pake manambala anatembenuka okha: 6.1, 6.2, 6.3. Ndinachitanso chimodzimodzi pa mutu wa chikwangwani. Unakhala 7, wothetsa pangano 8, wa mikangano 9. Sizinatenge mphindi zitatu. Wina pazenera anafuulira a kubwalo kuti sikisi-thu yabwerera, ndipo kunja kunamveka nthungululu.

“Basi, tiyeni tikasaine,” anatero amalume.

“Tisaina chiyani, amalume? Galasi la laputopu?”

Ku Nkhulambe kuno tinalibe pulinta. Yapafupi imene ndinkaidalira inali ku Chiringa, pa kashopu ka mayi wina wojambula mapepala. Komanso ndinali ndisanamalize. M'panganomo munali malo asanu ndi amodzi pamene ndime ina inkatchula inzake, monga “malinga ndi ndime 4.1”, ndipo manambala amenewo onse anali otaipa ndi dzanja. Sasuntha okha mitu ikasuntha. Ndinati ndiwerenga lililonse, ndione ngati likuloza pamene liyenera kuloza, ndiponso ndifananiza mawu onse ndi kope lakale limene tinawerengera anthu, popeza munthu amene wasintha mutu umodzi akhoza kukhudza china osadziwa. Bwanayo anavomera. Amalume anatuluka n'kumenyetsa chitseko.

Tinakhala ola lathunthu, iye akuwerenga pa laputopu mokweza, ine ndikutsata ndi chala pa kope lakale. Tinapeza chimodzi: mu mutu womatidwa uja munatsalira mawu akuti “malinga ndi ndime 14.3”, ya pangano lina lija, pamene lathu limathera pa 9. Bwanayo anaimbira loya wawo, anayenda uku ndi uku pabwalo kufunafuna netiweki, ndipo anagwirizana kuti iloze pa ndime yathu ya zidziwitso. Ndinalemba ndekha. Mawu ena onse anali monga tinagwirizana. Sindikhulupirira kuti bamboyo ankafuna kutibera. Koma chikhulupiriro changa si chimene anthu akanadzawerenga.

Titatuluka, akuluakulu a kuboma anali atadya n'kunyamuka. Anati ali ndi msonkhano wina, tidzawaitane tikadzakonzeka. Kwaya inali itabalalika. Amalume anali atakhala okha pansi pa chisakasa, jekete atalipinda pamwendo.

Bwanayo anati tipite ku Chiringa pa galimoto yake. Ndinakwera kutsogolo, fumbi likulowa pazenera. Titawoloka mlatho anati, “Mukanandiuza pambali, mayi.”

“Ndinakuuzani pambali. Munati ndi kompyuta.”

Patsogolo pang'ono anafunsa kuti kaburashi kaja kamagwira bwanji, ndipo ndinamufotokozera. Ndinamuuzanso kuti akafuna mtendere, mitu ndi ndime azizimangirira ku masitayelo, aja osunga maonekedwe a mizere mu kompyuta, ndipo potchula ndime ina asamataipe nambala koma aziuza kompyuta kuti iloze ndimeyo, kuti manambala akasuntha angotsitsimutsa zonse n'kutsatira. Anati kuofesi kwawo palibe anawaphunzitsapo zimenezo.

Ku Chiringa magetsi anali atazima. Mayi wa shopu anati abwera, mwina. Tinadikira pakhonde, ndinagula chinangwa chophika, bwanayo anakana kenako anadya. Magetsi anabwera dzuwa litapendeka. Ndisanasindikize ndinasunga panganolo mu mtundu wa fayilo yosasinthika, uja wa PDF, kuti kompyuta ya pashopu isagwedeze kanthu, ndipo mapepala atatuluka ndinaikanso chala kumanzere n'kutsika nacho makope onse atatu. Mayi wa shopu anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndikuwerenga ndalama.

Tinasaina Lachisanu, m'kaofesi, popanda kwaya. Mboni anali alangizi ndi m'busa wa mpingo wina wapafupi. Makope olakwika aja, amene amalume anali atasaina kale, ndinapempha kuti akhwatchidwe tsamba lililonse pamaso pa onse, ndipo bwanayo anachita yekha. Amalume anasaina atsopanowo osandiyang'ana. Ine ndinasaina pambuyo pawo.

Kunyumba nkhani inali isanathe. Mayi anga, ali pa mphasa ndi miyendo yawo yotupa, anandiuza kuti mlongo wawo anabwera kudzadandaula, ndipo anati sadzapondanso pakhomo pathu mpaka nditapepesa pamaso pa anthu omwe aja.

“Ukapepese, mwanawe. Ndi malume ako. Mawa ndikafa, adzayendetse maliro ndani?”

“Ndikapepese kuti ndinalakwa chiyani, amayi?”

“Sikuti unalakwa. Ukangopepesa.”

Ndinaganiza masiku angapo. Ndikupalira chinangwa ndinkayeseza mawu, koma onse ankathera pa bodza. Amalume si munthu woipa. Kopaletivi imeneyi anaiyambitsa ndi iwo, akuyenda pa njinga mudzi ndi mudzi pamene anthu ankawaseka, ndipo tsiku lija linali lawo. Ndinawalanda, ndikudziwa. Koma akanandimvera m'mawa muja tili awiri, sakanalandidwa kanthu.

Pa msonkhano wa mwezi wotsatira anaika nkhaniyo pa mndandanda wa zokambirana: khalidwe la mlembi. Ndinalemba ndekha mutuwo m'buku, poti ntchito yolemba inali yanga. Itafika nthawi yake, komiti inati ndiimirire ndipepese kwa wapampando ndi kwa gulu chifukwa chochititsa manyazi kopaletivi pamaso pa alendo.

Ndinaimirira. Ndinapepesa kwa amayi amene anadzuka m'mamawa kuphika mpunga umene alendo anadya mothamanga. Ndinapepesa kwa kwaya, imene inakonzekera nyimbo zinayi n'kuimba ziwiri. Ndinati kwa amalume anga, monga mwana wawo, ndikumva chisoni kuti mtima wawo unapweteka, ndipo kunyumba kwawo ndidzapita ndi nkhuku. Kenako ndinati: “Koma za kukana kusaina, a wapampando, sindipepesa. Mutabweretsa pepala lomwe lija lero, ndikananso. Ngati mukufuna mlembi wosaina chilichonse chimene chaikidwa patsogolo pake, sankhani wina, buku ndi ili.”

Ndinaika buku pathebulo. Palibe analitola. Anthu anayang'anizana, wina anatsokomola, ndipo patapita kanthawi mmodzi wa komiti anati tipite pa mutu wotsatira, wa matumba. Amalume anati, osandiyang'ana, “Alembi, lembani.” Ndinatenga buku n'kulemba.

Nkhuku ndinapita nayo Loweruka. Azakhali, akazi a amalume, anailandira, amalume anali kudimba, kapena anauza azakhali kuti anene choncho. Pa chisankho cha chaka chotsatira amalume anaimika munthu wina pa ulembi, mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo ndinagonja ndi mavoti ochepa. Ndinamupatsa mphunzitsiyo buku, chidindo, ndi envulopu ya panganolo, n'kumuonetsa tsamba lililonse kuti adziwe chimene walandira. Shedi inamangidwa, ndipo nandolo wanga ndimagulitsa komweko monga membala wamba, ndimakhala pa mkeka ndi anzanga.

Amalume anadzapondanso pakhomo pathu mayi anga atadwalika kwambiri m'nyengo ya mvula. Anabwera ndi njinga yawo, atamangirira mtolo wa makaka, chinangwa chouma chija, kumbuyo, anakhala ndi mlongo wawo mpaka masana. Ine ndinawapatsa madzi osamba m'manja, tinadya, tinakamba za mbewu ndi za msewu umene unali utadukanso. Za tsiku lija sanatchule, inenso sindinatchule, ndipo mpaka lero palibe wapepesa mnzake.